Kompyuta ikagwira ntchito usiku, izilemba zomwe yachita

Kumayambiriro kwa Okutobala 2020, akuluakulu a zaumoyo ku England anaulula kuti anthu 15,841 amene anapezeka ndi Covid-19 pakati pa 25 Seputembala ndi 2 Okutobala sanalowe m'ziwerengero za tsiku ndi tsiku. Eni akewo analandira ndithu zotsatira zawo, koma nkhani yawo sinafike msanga kwa anthu omwe ntchito yawo inali kufunafuna onse amene anakhudzana ndi odwalawo. Gwero la vutoli linali laling'ono modabwitsa. Malo oyezera magazi ndi mamina ankatumiza zotsatira m'mafayilo, ndipo ku bungwe la Public Health England kunali dongosolo lodziyendera lokha lomwe linkasonkhanitsa mafayilowo n'kuwathira m'mapepala a Excel. Mapepalawo anali a mtundu wakale wa XLS, womwe sulandira mizere yoposa 65,536. Odwala atachuluka pepala linkadzaza, ndipo mizere yotsalayo inkangotsala panja.

Ntchito yotere imachitika m'maofesi ambiri, kuno kwathu ndi kwina komwe. Anthu akaweruka, kompyuta imadzuka pa nthawi imene inauzidwa, n'kukoka ziwerengero zatsopano kuchokera kunthambi za kampani, kuzipatala zing'onozing'ono kapena kubanki, n'kukonzanso lipoti loti abwana alipeze m'mawa. Palibe amene amaiyang'anira, chifukwa cholinga chake chenicheni n'choti anthu agone. Ikalakwa, kawirikawiri palibe amene amadziwa tsiku lomwelo. Lipoti limatseguka bwinobwino, mitundu yake ili m'malo, manambala alimo. Pamapita masiku anayi kapena sabata kuti wina wodziwa ntchito yake akwinye nkhope n'kunena kuti, "Koma manambala a ku Mzuzu awa, ayi ndithu."

Apa m'pamene funso limabuka: usiku wa Lachitatu lapitalo chinachitika n'chiyani? Kompyuta siikumbukira kanthu pokhapokha ngati inauzidwa kuti izilemba. Fayilo yomwe imalembamo zimene yachita akatswiri amaitcha logi. Ili ngati buku la mlonda wa usiku, lija amalembamo ola lomwe wafika, galimoto zomwe zalowa ndi kutuluka, ndi ola lomwe wasiyira mnzake. Mlonda sadzutsa bwana nthawi iliyonse imene watsegula geti, ndipo bwana akafuna kudziwa za Lachitatu sachita kukagogoda kunyumba kwa mlonda ali mtulo. Amangotsegula buku.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti logi yongonena kuti "ntchito yatha bwino" ili ndi phindu lochepa kwambiri. Yothandiza ndi imene imalemba poyamba ndi pomaliza pa ulendo uliwonse, n'kuwerenganso zomwe zalowa ndi zomwe zasungidwa. Vuto la mtundu wa ku England lija limaonekera poyera munthu akangoika manambala awiri pafupi: mizere yomwe yabwera ndi mizere yomwe yafika m'lipoti.

Mmene zimakonzedwera

Tiyerekeze kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ya nthambi zinayi: Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Madzulo alionse nthambi iliyonse imatumiza fayilo ya malonda a tsikulo ku kompyuta yaikulu ya kulikulu, imene amaitcha seva. Sevayo imayendera Linux, ndipo pa Linux pali kapulogalamu kakalekale kotchedwa `cron` kamene ntchito yake ndi kudzutsa mapulogalamu ena pa nthawi yoikika. Lamulo lake limalembedwa mumzere umodzi:

```
0 2 * * * /opt/malipoti/konza.sh >> /var/log/malipoti.log 2>&1
```

Zizindikiro zisanu zoyambirira ndi mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata. Apa zikuti 2 koloko usiku, tsiku lililonse. Chotsatira ndi dzina la pulogalamu yoti idzutsidwe. Mbali yotsalayo ndi imene ikutikhudza ife.

Chizindikiro cha `>>` chikuuza kompyuta kuti chilichonse chimene pulogalamuyo inene chiwonjezedwe kumapeto kwa fayilo ya logi. Pali china chofanana nacho, `>` mmodzi yekha, chomwe chimafufuta zonse zakale n'kulemba zatsopano. Kusiyana kwake ndi kachizindikiro kamodzi, koma amene waika `>` amakhala ndi mbiri ya usiku wathawu wokha. Akabwera Lolemba kudzafufuza za Lachitatu amapeza zinafufutidwa kale kangapo konse, ndipo amene anazifufuta ndi ntchito yomweyo.

Nanga `2>&1` kumapetoko? Pulogalamu ya pa Linux ili ndi njira ziwiri zolankhulira. Njira yoyamba ndi ya zotsatira wamba, yachiwiri ndi ya madandaulo. Popanda kachidutswa aka, logi imalandira za njira yoyamba zokha, ndipo madandaulo onse amapita kwina. Zikatero munthu amakhala ndi logi yodzaza ndi nkhani zabwino, yomwe imangoti zii pa usiku womwe zinthu zinavuta.

Tsopano pulogalamu yodzutsidwayo. Ndi yaifupi, ndipo ntchito yake ndi kukulunga ntchito yeniyeni pakati pa mizere iwiri:

```
#!/bin/bash
ID=$(date -u +%m%d-%H%M)
echo "$(date -u +%FT%TZ) id=$ID YAMBA"
Z=$(timeout 30m python3 /opt/malipoti/koka.py "$ID")
RC=$?
echo "$(date -u +%FT%TZ) id=$ID MATHERO rc=$RC $Z"
```

Musaope zizindikirozo. Chimene chikuchitika ndi ichi. Poyamba ulendo wa usikuwo ukupatsidwa nambala yakeyake, yochokera ku tsiku ndi ola. Kenaka mukulembedwa mzere woti YAMBA, ntchito isanakhudze kanthu kalikonse. Ntchito yokoka ndi kuphatikiza mafayilo ikuyamba, koma yapatsidwa malire a mphindi 30, ndipo ikapyola pamenepo idulidwa. Ikatha, mukulembedwa mzere woti MATHERO, pamodzi ndi nambala imene pulogalamu iliyonse imasiya ikamatuluka ndiponso ziwerengero zomwe yabweza.

Nambala yotulukira ija, imene yalembedwa `rc`, ili ndi matanthauzo odziwika. Ikakhala 0, pulogalamu ikuti yamaliza popanda chodandaula. Ikakhala 124, ndiye kuti nthawi inaithera ndipo `timeout` anaidula, zomwe zimachitika kwambiri netiweki ikamakoka mwendo. 127 imatanthauza kuti lamulo lina silinapezeke. Iyi imasokoneza ambiri, chifukwa munthu akayendetsa pulogalamuyo ndi manja masana imayenda bwino, koma `cron` amafufuza malamulo m'malo ochepa kuposa momwe munthu wolowa pa kompyutayo amafufuzira. 137 imasonyeza kuti pulogalamu inaphedwa mokakamiza, ndipo nthawi zambiri amene waipha ndi Linux mwini wake poona kuti memole yatha. Manambala anayi okhawa amafupikitsa kafukufuku kwambiri, pakuti iliyonse imakulozerani khomo losiyana.

Pa nkhani ya nthawi, kalembedwe kake kakhale koyamba ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka tsiku, monga 2024-03-13. Kalembedwe aka sikasokoneza munthu, ndipo mizere imasanjika yokha motsatira masiku. Chilembo `Z` kumapeto kwa ola chikutanthauza nthawi ya dziko lonse ya UTC. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali patsogolo pa nthawi imeneyi ndi maola awiri chaka chonse, choncho 2 koloko usiku kuno imalembedwa 00:00. Wina angati bwanji osangolemba nthawi yathu. Zingatheke, bola zikhale zodziwika kuti ndi nthawi iti. Koma tsiku lomwe mudzafune kufananitsa logi yanu ndi ya kampani ya kunja imene imakusungirani deta, mudzapeza kuti yawoyo nthawi zambiri ili mu UTC, ndipo ngati seva ili ku Britain mawotchi a kumeneko amasinthidwa kawiri pa chaka.

Sabata imodzi m'logi

Lolemba pa 18 Malichi 2024, mayi woyang'anira zachuma pa kampani yathu yongoyerekezayi akuona kuti malonda a sabata yatha ndi otsika kwambiri, makamaka a ku Mzuzu. Popanda logi, chotsatira chimadziwika. Aimbira foni manijala wa ku Mzuzu, amene asiya makasitomala pa kauntala kuti ayankhe. Iyeyo alumbira kuti mafayilo ankatumiza tsiku lililonse. Aimbira mnyamata amene anakonza dongosololi, mwina ali kumaliro kumudzi, ndipo iye ayesa kukumbukira zinthu zomwe zinachitika iye ali mtulo. Pofika masana anthu atatu asiya ntchito zawo, ndipo ayamba kale kukayikirana.

Pokhala ndi logi, wothandiza pa za makompyuta angotsegula fayilo imodzi. Ndaunjika dala mavuto atatu m'sabata imodzi kuti tione maonekedwe a lililonse:

```
2024-03-12T00:00:01Z id=0312-0000 YAMBA
2024-03-12T00:04:10Z id=0312-0000 MATHERO rc=0 mafayilo=4 yalowa=8214 yasungidwa=8214
2024-03-13T00:00:01Z id=0313-0000 YAMBA
2024-03-13T00:03:52Z id=0313-0000 MATHERO rc=0 mafayilo=4 yalowa=8390 yasungidwa=6105
2024-03-14T00:00:01Z id=0314-0000 YAMBA
2024-03-16T00:00:01Z id=0316-0000 YAMBA
2024-03-16T00:03:47Z id=0316-0000 MATHERO rc=0 mafayilo=4 yalowa=8502 yasungidwa=6240
```

Usiku wa pa 12 ndi umene ukutiphunzitsa maonekedwe a ulendo wabwino: mphindi zinayi, mafayilo anayi, mizere 8,214 yalowa ndipo 8,214 yomweyo yasungidwa. Ichi n'chifukwa chake maulendo oyenda bwino ayenera kulembedwa nawonso. Ena amakonza logi yoti izilemba pokhapokha pakakhala vuto, poganiza kuti akuchepetsa phokoso. Koma munthu sangazindikire kuti 6,105 ndi nambala yachilendo ngati sanaone kuti masiku onse imakhala cha m'ma 8,000.

Pa 13 ndi pamene pali nkhani yaikulu. Taonani kuti `rc=0`. Malinga ndi pulogalamu, zonse zinayenda. Mafayilo anayi onse anafika, kotero manijala wa ku Mzuzu sananame. Koma mizere 8,390 inalowa ndipo 6,105 yokha ndiyo inasungidwa. Mizere 2,285 yasowa panjira. Logi yongolemba kuti "zatheka" ikanapereka usiku umenewu ngati wopanda banga.

Kuti adziwe kumene mizereyo inapita, wofufuza agwiritsa ntchito nambala ya ulendo ija kutola mizere yonse ya usiku umenewo, kuphatikizapo imene ndaisiya pamwambapa pofuna kufupikitsa:

```
grep 0313-0000 /var/log/malipoti.log
```

Pakati pa YAMBA ndi MATHERO apeza mizere ngati iyi:

```
id=0313-0000 KANA fayilo=mzuzu.csv mzere=2 chifukwa=tsiku "03/12/2024"
id=0313-0000 KANA fayilo=mzuzu.csv yonse=2285
```

Nkhani yamveka tsopano. Fayilo ya ku Mzuzu inali kulemba tsiku la 12 Malichi ngati 03/12/2024, kuyamba ndi mwezi monga amachitira ku Amereka. Pulogalamu ya kulikulu, yozolowera kuyamba ndi tsiku, inawerenga 3 Disembala 2024, tsiku lomwe linali lisanafike, ndipo inakana mzere uliwonse. Zotere zimachitika kompyuta ya kunthambi ikasinthidwa kapena ikaikidwanso Windows mwatsopano popanda kukonza za chigawo. Mzere wa pa 16 ukusonyeza kuti vutoli likupitirirabe, pakuti kusiyana kuli 2,262. Foni ya ku Mzuzu iimbidwa ndithu, koma kamodzi kokha, ndipo funso lake ndi lolunjika: "Kodi kompyuta ya pa kauntala inakonzedwa Lachiwiri lapitali?"

Onaninso kuti logi sinalembe mizere yonse 2,285 yokanidwayo. Yalemba chitsanzo, chifukwa chake, ndi chiwerengero chonse. Nzokwanira. Logi imene imalemba chilichonse imafika poti munthu akaitsegula amangoitseka.

Pa 14 pali YAMBA wopanda MATHERO. Pulogalamu ikanakhala kuti inagwa yokha, kapena inadulidwa pa mphindi 30, chokulunga chija chikanalembabe mzere womaliza ndi nambala yake. Kusowa kwa mzerewo kukusonyeza kuti chokulunga chomwecho chinafa nayo limodzi, ndipo chifukwa chodziwika kwambiri n'chakuti seva yonse inazima ntchito ili mkati. Pa 15 palibe ngakhale YAMBA. Pa 2 koloko usiku umenewo panalibe chodzutsa ntchito. `cron` wamba sabwerera m'mbuyo kukagwira ntchito yomwe nthawi yake inadutsa kompyuta ili chizimire, amangodikira 2 koloko yotsatira. Lamulo la `last -x` limasonyeza nthawi zomwe kompyuta inayatsidwa ndi kuzimitsidwa, ndipo likagwirizana ndi mipata ya m'logi, wokayikiridwa ndi batire losungira magetsi limene lakalamba ndipo silikufikanso m'bandakucha magetsi akathima. Kwa ife okhala kumene magetsi amathimathima, vuto ili si la m'buku ayi. Mankhwala ake alipo: `anacron`, kapena wotchi ya `systemd` yoikidwa `Persistent=true`, imagwira ntchito yophonyedwayo kompyuta ikangoyaka.

Mzere wa YAMBA uja anthu ambiri amauona ngati wosafunika, chonsecho ndi umene wasiyanitsa usiku wa pa 14 ndi wa pa 15. Kusiyanako kuli ndi ntchito. Ulendo umene sunayambe n'komwe sunaononge kanthu, mungangouyendetsa tsopano. Ulendo wofera pakati ungakhale utasunga theka la mizere, ndipo kuuyendetsanso mosasamala kungawerengetse malonda ena kawiri. Wofufuza ayenera kuyamba waona zomwe zinalowa m'nkhokwe ya deta ndi nambala 0314-0000, n'kuzichotsa, asanabwereze. Izi zimatheka pokhapokha ngati nambala ya ulendo imadindidwanso pa mzere uliwonse wosungidwa, chomwe ndi chizolowezi choyenera kuchitengera.

Pali vuto lachinayi lomwe logi ya pamwambayi sikanaligwira. Nthambi ina ingalephere kutumiza fayilo yatsopano, ndipo pulogalamu ingawerengenso ya dzulo yomwe idakali pomwepo. Mafayilo akhala anayi, yalowa ndi yasungidwa zifanana, `rc` ikhala 0. Chowonjezera chake n'chosavuta: pa fayilo iliyonse, logi ilembe tsiku la malonda atsopano kwambiri omwe alimo. Tsikulo likaima malo amodzi kwa masiku awiri, deta yagona.

Bwanji osangotumiza uthenga?

Funso ili n'lomveka. Ngati kompyuta ingathe kulemba, ingathenso kutumiza imelo kapena uthenga wa pa foni ulendo uliwonse ukatha. Ndipotu `cron` anapangidwa choncho kuyambira kale: pulogalamu ikanena kanthu kosalozeredwa ku fayilo, iye amatumiza mawuwo pa imelo kwa mwini ntchitoyo. Koma uthenga wobwera tsiku lililonse umasanduka chizolowezi. Sabata yoyamba munthu amauwerenga, mwezi ukatha amangoona mutu wake, kenaka amaupangira foda yakeyake kumene sapitako. Tsiku lomwe uthenga udzanene zoopsa udzagwera m'foda momwemo.

Palinso choopsa china, ndipo chitsanzo chake ndi kampani ya GitLab, imene imasungira anthu opanga mapulogalamu ntchito zawo. Pa 31 Januwale 2017, injiniya wina wa kampaniyi anafufuta mwangozi deta ya pa seva yaikulu, pafupifupi magigabaiti 300. Atathamangira kumene amasunga makope a chitetezo anapeza kulibe kanthu. Ntchito yokopera deta, imene inkadzutsidwa yokha, inali ikulephera chifukwa inkagwiritsa ntchito `pg_dump` ya PostgreSQL 9.2 pamene nkhokwe yawo inali ya 9.6. Mauthenga onena za kulepherako ankatumizidwa pa imelo, koma seva yolandira makalata inkawakana chifukwa sanali kukwaniritsa malamulo otsimikizira wotumiza. Anthu anaona bokosi la makalata lili phee n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Chinawapulumutsa ndi kope lina limene linajambulidwa ndi manja maola pafupifupi 6 ngoziyo isanachitike, ndipo zonse zolembedwa m'maola amenewo zinatayika. Kampaniyi inafotokoza yokha poyera zonsezi, ndipo pa chimenecho iyenera kuyamikiridwa.

Uthenga umadalira njira yonse kuti ufike, ndipo ukatayika susiya chizindikiro. Logi imakhala pamalo amodzi podikira woifuna. Komabe ndisanamizire kuti logi imathetsa zonse. Logi siitana munthu. Pa kampani yathu ija mizere ya ku Mzuzu inali ikutayika kuyambira Lachitatu, zonse zikulembedwa mokhulupirika, koma palibe amene anadziwa mpaka Lolemba. Ngati lipotilo ndi la malonda a simenti, kuchedwa kwa masiku asanu n'kopiririka. Ngati ndi la odwala matenda opatsirana, sikungapiririke.

Choncho pafunika kugawa. Ulendo uliwonse ulembedwe m'logi mwakachetechete. Uthenga wodzutsa munthu usungidwire zinthu zowerengeka zimene sizingadikire, ndipo eni ntchito ndiwo anene kuti ndi ziti. Zambiri zimakwana m'malamulo awiri: ngati pofika 6 koloko m'mawa palibe MATHERO wa lero wokhala ndi `rc=0`, kapena ngati yalowa ndi yasungidwa zasiyana kupyola malire ogwirizana. Chofunika kusamala n'chakuti woyang'anira malamulowa akhale pa kompyuta ina. Seva yozima singanene kuti yazima. Njira yodalirika ndi yoti ntchito ikatha bwino izigogoda pa kompyuta yachiwiri, ndipo yachiwiriyo ndiyo izikuwa ikaona kuti ola lakwana popanda kugogoda.

Njira ina yotsika mtengo kuposa zonsezi ndi kuika mzere womaliza wa logi pamwamba pa lipoti lenilenilo, m'mawu a anthu: lakonzedwa tsiku lakuti, ola lakuti, nthambi zinayi mwa zinayi, mizere yokanidwa 2,285. Mayi wa zachuma uja akanauona Lachitatu m'mawa akumwa tiyi.

Kusunga logi

Logi isungidwe kwa nthawi yaitali bwanji? Yankho lili pa funso lina: pa ntchito yanu, vuto limatenga nthawi yaitali bwanji kuti lionekere? Pa Linux pali `logrotate`, amene amadula logi ikakula kapena ikakalamba, n'kupanikiza zidutswa zakale ndi kutaya zakale kwambiri. M'makompyuta ambiri amabwera atakonzedwa kuti azidula sabata iliyonse ndi kusunga zidutswa zinayi, kutanthauza pafupifupi mwezi umodzi. Ofesi imene imafananitsa mabuku kumapeto kwa mwezi ingazindikire pa 5 Epulo vuto la pa 2 Malichi, n'kupeza tsamba lake litatayidwa kumene. Ngati owerengera ndalama amabwera kamodzi pa chaka, logi ikhale ya chaka ndi miyezi ingapo. Malo si vuto. Mizere iwiri ya zilembo pafupifupi 100 uliwonse, kwa masiku 365, ndi makilobaiti 73 okha, osafika n'komwe pa chithunzi chimodzi chojambulidwa pa foni.

Chimene chimadzazitsa disiki ndi logi yosadulidwa ya pulogalamu yolongolola, ndipo disiki ikadzaza ntchito ndi logi yake zimaima limodzi. Pa chifukwa chomwecho ndi bwino kope la logi lizipita ku kompyuta ina tsiku lililonse, pakuti disiki ikafa imapita ndi umboni wonse. Wotchi ya seva nayo iziyang'aniridwa. Kabatire kakang'ono ka mkati mwa kompyuta kakatha, makinawo akazima ndi kuyakanso angayambe kulemba chaka cholakwika mpaka atapeza nthawi yoona pa intaneti, ndipo mizere ya masiku amenewo imasokoneza wofufuza.

Zina siziyenera kulowa m'logi ngakhale pang'ono. Mawu achinsinsi olowera m'nkhokwe, maina a makasitomala, manambala awo a foni, matenda a odwala, zonsezi zikhale kunja. Logi imawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa nkhokwe yeniyeni, imatumizidwa kwa amisiri akunja pofuna thandizo, ndipo imasungidwa nthawi yaitali. Taonani kuti mzere wa KANA uja unatchula dzina la fayilo, nambala ya mzere ndi tsiku lolakwikalo basi. Wofuna kuona zambiri apite ku fayilo yeniyeniyo ngati ali ndi chilolezo.

Maofesi ambiri sagwiritsa ntchito Linux, koma mfundo zake n'zomwezo. Pa Windows ntchito zotere zimadzutsidwa ndi `Task Scheduler`, yemwe amaonetsa zotsatira za ulendo womaliza wokha, ndipo `0x0` ndiye 0 uja. Mbiri ya maulendo akale imakhala yotseka pa makompyuta ambiri mpaka wina atadina `Enable All Tasks History`. Power BI nayo ili ndi tsamba la mbiri ya maulendo ake. Zonsezi zimakuuzani ngati ntchito inayamba ndi ngati inatha. Kuwerenga mizere yolowa ndi yosungidwa kumatsalira inuyo, ngakhale kutakhala kuwonjezera mzere umodzi usiku uliwonse pa tsamba lapadera la lipoti lomwelo.

Inu amene mumalandira lipoti lotere m'mawa uliwonse koma makompyuta si gawo lanu, simufunika kuphunzira malamulo onsewa. Pemphani amene amasamala dongosololo akuonetseni zolembedwa za usiku wa Lachitatu la sabata yatha: ntchito inayamba nthawi yanji, inatha nthawi yanji, mizere ingati inalowa ndipo ingati inasungidwa. Akatulutsa yankho pa mphindi zochepa, muli pabwino. Akati ayambe afunsa mnzawo, mpatseni tsiku limodzi la ntchito akonze logi, chifukwa pa dongosolo laling'ono ngati la nthambi zinayi lija tsiku limodzi limakwana.